Chilolezo cha Tsiku Limodzi, Malipiro a Mwezi ndi Mwezi

Munthu akalembetsa zoti azilipira mwezi ndi mwezi pa khadi la ku banki, kaya ndi mafilimu a pa intaneti, kaya ndi maphunziro, kaya ndi inshuwalansi, amafunsidwa kamodzi kokha. Amalemba nambala ya khadi, tsiku limene khadilo lidzathe ntchito, ndi manambala atatu a kumsana kwake. Banki imamutumizira nambala yachinsinsi pa foni, iye n'kuilowetsa, basi zatha. Kuyambira pamenepo ndalama zimachoka zokha, nthawi zina pakati pa usiku mwini wake ali m'tulo, ndipo palibe amene amabweranso kudzamufunsa ngati akufunabe.

Pali zinthu ziwiri pano zimene anthu amazisokoneza. China ndi chilolezo cha mwini khadi, chimene amapereka tsiku loyamba lija. China ndi chivomerezo cha banki, chimene wogulitsa amapempha mwezi uliwonse. Banki ikamavomereza imayang'ana ngati khadi lili moyo, ngati mu akaunti muli ndalama, ndiponso ngati pempholo silikuoneka ngati la mbava. Funso loti mwini wake akufunabe kapena ayi mulibemo. Kwa zaka zambiri banki inalibe ngakhale umboni woti chilolezo choyamba chija chinaperekedwadi. Inkangokhulupirira mawu a wogulitsa. Mbiri ya malipiro amenewa ndi mbiri ya momwe chilolezocho chinasungidwira m'manja mwa wodya ndalama, ndi momwe anthu anavutikira kuti mwini ndalama azitha kuchilanda.

Chizolowezi chotenga kukhala chete ngati kuvomera chinayamba khadi lisanabadwe. Mu 1926, mumzinda wa New York, Harry Scherman ndi anzake anakhazikitsa kalabu yogulitsa mabuku pa positi yotchedwa Book-of-the-Month Club. Posakhalitsa anapeza njira imene inawalemeretsa. Membala ankalandira kalata yomuuza buku la mwezi umenewo, ndipo akapanda kuyankha kuti sakulifuna, bukulo linkafika limodzi ndi bilu. Mu 1955 kampani ya nyimbo ya Columbia inatengera njira yomweyo pogulitsa zimbale. Madandaulo anachuluka, mpaka mu 1973 bungwe la boma la Amereka loona za malonda, FTC, linaika lamulo loti membala azipatsidwa masiku osachepera 10 oti akane. Komabe pa nthawi imeneyo wogula anali ndi chitetezo chimodzi chachikulu: ndalama zinali m'thumba mwake. Kuti alipire ankayenera kulemba cheke ndi dzanja lake. Akanyanyala, kalabu inkangomulembera makalata omukumbutsa ngongole.

Khadi nalonso silinapangidwire malipiro obwerezabwereza. Pamene Bank of America inatumiza makhadi pafupifupi 60,000 kwa anthu a mumzinda wa Fresno ku California mu Seputembala 1958, inkaganiza za munthu amene waima pa kauntala. Wogulitsa ankaika khadi m'kachipangizo kodinda, n'kukoka chogwirira kuti manambala otukuka aja adindike pa lisiti, wogula n'kusaina. Lisiti lililonse linali ndi siginecha yakeyake, ndipo siginechayo ndiyo inali chilolezo. Ndalama zikapitirira mlingo woikika, wogulitsa ankaimba foni ku banki kukapempha chivomerezo, wogula ali chiimire kwa mphindi zingapo. Mu 1973 bungwe la mabanki limene ankatsogolera Dee Hock, limene mu 1976 linatenga dzina loti Visa, linayambitsa makina otchedwa BASE I. Makinawa anachititsa kuti yankho lizifika mphindi imodzi isanathe, usana ndi usiku womwe. Apa m'pamene kupempha chivomerezo kunasanduka uthenga wapakati pa makompyuta, uthenga woti ukhoza kutumizidwa popanda munthu aliyense pa kauntala.

Mpata unatseguka kudzera mwa ogulitsa a pa positi ndi a pa foni. Iwowa sankaona khadi, choncho mabanki anawalola kulandira nambala yokha, koma pa pangano loti wogula akakana kuti sanagule, ndalama zizibwezedwa kuchokera kwa wogulitsa. Nambala ikalembedwa m'buku la kampani inkakhala momwemo, ndipo panalibe choletsa kuigwiritsanso ntchito mwezi wotsatira. Makampani a magazini, a inshuwalansi ndi a malo olimbitsira thupi anayamba kuuza makasitomala kuti asavutike ndi macheke, angosaina kamodzi. Intaneti itafika, zinthu zinakula kwambiri. Mu Disembala 1996 kampani ya AOL inaika mtengo umodzi wa madola 19.95 pa mwezi kuti munthu azilowa pa intaneti mmene angafunire, ndipo anthu mamiliyoni anazolowera kuona ndalama zikuchoka zokha. Mu 1999 Netflix inayamba kubwereketsa mafilimu pa malipiro a mwezi. Kulowa kunali kophweka. Kutuluka kunali nkhani ina. Mu 2005 AOL inalipira madola 1.25 miliyoni ku boma la New York pa nkhani yoti antchito ake ankalandira mabonasi akalepheretsa anthu kusiya, ndipo ena amene anapempha kusiya ankadulidwabe.

Kuti tione chimene chinasowa pa khadi, ndi bwino kuyang'ana njira ina imene inabadwa ku Britain mu 1964. Alastair Hanton, amene ankagwira ntchito ku Unilever, ankafuna kutolera ndalama kwa ogulitsa ayisikilimu ambirimbiri popanda kudikira macheke awo. Anakonza zoti wogulitsa aliyense apatse banki yake chikalata chololeza kampani kutapa mu akaunti. Njira imeneyi, yotchedwa Direct Debit, ilipo mpaka lero, ndipo mphamvu yake yagona pakuti chilolezo chimadziwika ku banki ya wolipira. Iye akhoza kuchiona pa mndandanda, akhoza kuchifafaniza, amauzidwiratu mtengo ukamasintha, ndipo pakalakwika banki imamubwezera pompo. Pa khadi panalibe mndandanda wotere. Chilolezo chinkakhala m'kabati ya wogulitsa, banki n'kumangolandira mapempho ngati kuti lililonse ndi malonda atsopano. Zinali ngati kupatsa mnansi kiyi wa nyumba kuti azidzatapa ufa pa mwezi kamodzi, koma mlonda wa pageti osauzidwa kuchuluka kwa ufawo, kapena tsiku limene panganolo lidzathe.

Kuopsa kwake kunaonekera poyera ku Britain komweko, chuma chitasokonekera mu 2008. Kunachuluka makampani obwereketsa tindalama tochepa toti munthu abweze akalandira malipiro, pa chiwongoladzanja choopsa. Lotchuka kwambiri linali Wonga. Wokongola ankapereka nambala ya khadi lake, ndipo m'pangano munkalembedwa kuti walola kampani kutenga ndalama zake nthawi iliyonse. Tsiku lobweza likafika, kompyuta ya kampani inkapempha ngongole yonse. Banki ikakana chifukwa chosowa ndalama, makampani ena ankapemphanso theka, kenako kagawo kocheperapo, kufufuza pamene banki ivomerere, ndipo ankabwereza kangapo pa tsiku. Malipiro akangolowa m'mawa, ankatapidwa mwini wake asanalipire lendi ndi kugula chakudya. Munthu akathamangira ku banki kuti iimitse, nthawi zambiri ankauzidwa kuti, "Ife sitingathe, kalankhuleni ndi kampaniyo."

Yankho limenelo linali lolakwika, ndipo n'zopweteka kuganizira kuchuluka kwa mabanja amene anagona ndi njala chifukwa cha ilo. Malamulo a malipiro amene anayamba kugwira ntchito pa 1 Novembala 2009 anali atapereka kale ufulu woti mwini khadi achotse chilolezo chake pongouza banki, ngakhale asanalankhule ndi kampani. Zinatengera bungwe loyang'anira za chuma la FCA kuti mu Juni 2013 likakamize mabanki akuluakulu kulonjeza kuti aziimitsa malipiro akapemphedwa, ndi kubweza ndalama zilizonse zochoka pambuyo pa pempholo. Kuyambira pa 1 Julayi 2014, obwereketsa aja analetsedwa kuyesanso akalephera kawiri, ndipo analetsedwa kutapa kagawo chabe ka ngongole popanda chilolezo chatsopano. Wonga inagwa mu Ogasiti 2018. Amene akukhala ku Britain, kuphatikizapo abale athu ambiri, ufulu umenewu akadali nawo. Dziwani kokha kuti kuimitsa malipiro sikufafaniza ngongole. Ngati pangano likunena miyezi 12, kampani ikhoza kukulondolani m'njira zina.

Eni makina a makhadi anachedwa kukonza mbali yawo. Mu Okutobala 2017 m'pamene Visa inakhazikitsa dongosolo lokhudza makhadi osungidwa, ndipo Mastercard inatsatira chaka chotsatira. Dongosololi linagawa malipiro pawiri. Pali amene amayambitsa mwini khadi ali pomwepo, amene m'makalata a makampani amalembedwa CIT, ndiye pali amene amayambitsa wogulitsa mwini khadi kulibe, olembedwa MIT. Malipiro a wogulitsa sayenera kuima paokha. Ayenera kunyamula nambala ya chizindikiro imene makina anapereka tsiku limene mwini khadi analipo, kuti banki ione kumene pempholo lachokera. Mayiko a ku Ulaya anamanga pa maziko omwewo. Lamulo lawo la pa 14 Seputembala 2019 linati wolipira pa intaneti azitsimikiziridwa ndi zinthu ziwiri mwa zitatu: chimene akudziwa, monga nambala yachinsinsi, chimene ali nacho, monga foni, ndi chimene chili pathupi pake, monga chidindo cha chala. Koma linalola kuti chitsimikizo chimenechi chichitike tsiku loyamba lokha, malipiro otsatira azidutsa popanda kufunsa.

Tiyeni titsate malipiro amodzi kuti zonsezi zioneke bwino. Tiyerekeze mphunzitsi wa ku Zomba amene pa 20 Okutobala 2023 analembetsa maphunziro a pa intaneti ku kampani yakunja, pa madola 10 mwezi uliwonse. Tsiku limenelo mayiyu analemba nambala ya khadi ya manambala 16, tsiku lothera, ndi manambala atatu a kumsana otchedwa CVV2. Anachonga kabokosi kovomera kuti khadi lisungidwe ndi kudulidwa mwezi ndi mwezi. Tsamba linamupititsa kwa banki yake kudzera m'njira yotchedwa 3-D Secure, banki inatumiza OTP pa foni, iye analowetsa. Kenako pempho linanyamuka: kuchoka ku kampani kupita ku banki ya kampaniyo, kudutsa m'makina a Visa, mpaka ku banki ya mayiyu. M'pempholo munali chizindikiro choti awa ndi malipiro oyamba a mndandanda wobwerezabwereza. Banki inayankha `00`, kutanthauza kuti yavomera, ndipo inatsekereza ndalama pafupifupi K11,800, popeza dola inali pa K1,180 kapena kuyandikira apo, kuwonjezapo kandalama ka banki kosinthitsira. Yankholo linabwerera ndi nambala ya chizindikiro ija, kampani n'kuisunga.

Chimene kampani sinaloledwe kusunga ndi manambala atatu aja. Malamulo a chitetezo cha makhadi otchedwa PCI DSS, amene anatuluka koyamba mu Disembala 2004, amaletsa kusunga CVV2 chivomerezo chikangoperekedwa. N'chifukwa chake malipiro a mwezi wachiwiri amayenda opanda manambalawo, ndipo banki sidabwa. Makampani ambiri masiku ano sasunga n'komwe nambala yeniyeni ya khadi. Amasunga nambala yolowa m'malo, tokeni, imene imagwira ntchito kwa wogulitsa mmodzi yekhayo, moti mbava ikaiba singagulire kanthu kwina. Kukanakhala kuti mayiyu analembetsa mwezi waulere woyeserera, tsiku loyamba kampani ikanatumiza pempho la ndalama 0, longofunsa ngati khadi lili moyo. Pempho lotere silichotsa kanthu, ena saliona n'komwe, koma limatsegula khomo mofanana ndi lija la madola 10.

Pa 20 Novembala kompyuta ya kampani inadzuka yokha. Inatumiza tokeni, mtengo wa madola 10, chizindikiro choti awa ndi malipiro obwereza oyambitsidwa ndi wogulitsa, ndi nambala ya chizindikiro ya mu Okutobala. OTP sinatumizidwe, chifukwa banki inaona kuti pempholi ndi mwana wa lija limene mayiyu anatsimikizira. Koma pakati apa panali patachitika chinthu chachikulu. Pa 9 Novembala 2023 banki yaikulu ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha, dola n'kufika pa K1,700. Kwa kampani mtengo sunasinthe, unali madola 10 omwe aja, choncho panalibe chifukwa chomuchenjezera. Kwa mayiyu unali K17,000. Mu akaunti munali K14,000, zimene ankayesa kuti zikwana. Banki inakana.

Kukana kwa banki kumabwera ndi nambala yofotokoza chifukwa, ndipo nambalayo ndiyo imalamula chochitika chotsatira. Zina mwa zimene makampani amaona pa makina awo ndi izi:

```
05  Do not honor
51  Insufficient funds
54  Expired card
R1  Revocation of authorization order
```

Mayiyu anakanidwa ndi `51`, kusakwana kwa ndalama. Kumeneku ndi kukana kwa lero lokha, ndipo wogulitsa amaloledwa kuyesanso. Makampani amadziwa bwino masiku amene anthu amalandira malipiro, ndipo makompyuta awo amasankha tsiku ndi ola loyeseranso. Mu 2021 Visa inaika malire a maulendo 15 m'masiku 30 pa kukana kwa mtundu umenewu, ndipo inayamba kulipiritsa wopitirira. Nambala imeneyi ndi yaikulu, makamaka tikakumbukira kuti obwereketsa a ku Britain anapatsidwa maulendo awiri okha. Tinene kuti kampani inayesa pa 23 n'kulephera, kenako pa 28 malipiro a mphunzitsi atalowa. Ulendo uno banki inavomera, K17,000 n'kuchoka. Mayiyu ataona uthenga wa kukana pa 20 paja anaganiza kuti maphunziro atha okha. Ambiri amalakwitsa pomwepa: malipiro akalephera, chilolezo chimakhalabe chamoyo.

Nambala `05` ndi yovuta kumasulira, chifukwa banki imangoti ayi osatchula chifukwa. Kwa ife amene timalipira kunja, nthawi zina chimakhala chakuti khadi lafika pa malire a ndalama zakunja zimene banki imalola pa mwezi, kapena banki yatseka kulipira kunja. Mukaona malipiro akukanidwa pamene ndalama zilimo, funsani za malire amenewo musanaganize kuti khadi lawonongeka. Nambala `R1` ndi yosiyana ndi zonsezi. Imatanthauza kuti mwini khadi wauza banki kuti wachotsa chilolezo chake, ndipo ili m'gulu la mayankho amene malamulo a Visa amaletsa kuyesanso ngakhale kamodzi.

Pali chikhulupiriro china chofala, choti khadi likatha ntchito kapena likasinthidwa, malipiro onse omangidwa pa ilo amafa nalo. Kale zinalidi choncho. Wogulitsa ankalandira `54` n'kulembera kasitomala kupempha nambala yatsopano. Koma makampani ankataya makasitomala ambiri mwa njira imeneyi, choncho panakhazikitsidwa ntchito zotchedwa Visa Account Updater ndi Mastercard Automatic Billing Updater. Banki ikapereka khadi latsopano imatumiza nambala yatsopano ku nkhokwe ya makina, ndipo wogulitsa amene anasunga lakale amafunsa kumeneko n'kulandira latsopano, mwini wake osadziwa. Tokeni yoperekedwa ndi Visa kapena Mastercard imachita zomwezo mosavuta: khadi likasintha, imangolumikizidwa ku latsopano. Zimatengera ngati banki yanu ndi wogulitsayo analowa nawo m'dongosololi. Kwa munthu amene akulipira inshuwalansi ya galimoto ichi n'chithandizo chenicheni, chifukwa sadzapezeka pamsewu inshuwalansi itaduka. Kwa amene ankayesa kuthawa kampani podula khadi ndi lumo, n'chokhumudwitsa. Ine ndimaona kuti pamene banki ikupereka khadi latsopano iyenera kuonetsa mwini wake mndandanda wa onse amene alandire nambalayo, iye asankhe.

Tibwerere kwa mphunzitsi uja. Tinene kuti mu Januwale 2024 anaganiza zosiya. Njira yolondola imayambira kwa wogulitsa: kulowa mu akaunti ya maphunziro, kudina posiyira, ndi kusunga uthenga wotsimikiza wokhala ndi deti. Kufufuta pulogalamu pa foni sikuimitsa kanthu, chifukwa pangano silikhala pa foni. Ngati analembetsa kudzera mu sitolo ya mapulogalamu ya Google kapena Apple, posiyira pali m'sitolo momwemo, osati kwa eni maphunziro. Kuyambira mu Epulo 2020 malamulo a Visa amalamula wogulitsa wa pa intaneti kupereka njira yosavuta yosiyira pa intaneti pomwepo, ndiponso kukumbutsa munthu masiku 7 nthawi yaulere isanathe. Ngati pa 20 Febuluwale ndalama zachokabe, mayiyu apite ku banki ndi uthenga uja n'kupempha zinthu ziwiri zosiyana: kuti banki iimitse wogulitsayo, ndi kuti itsegule mlandu wobweza ndalama. M'mabuku a Visa mlandu wotere uli ndi nambala `13.2`, malipiro obwereza amene anathetsedwa kale, ndipo nthawi yodandaulira ndi masiku 120. Banki ya mayiyu imabweza malipirowo ku banki ya wogulitsa, ndipo wogulitsa akafuna kutsutsa ayenera kubweretsa umboni. Apa m'pamene deti la pa uthenga uja limagwira ntchito. Wopanda umboni woti anasiya, mlandu wake umakhala wofooka, chifukwa kampani imatulutsa kabokosi kamene anachonga mu Okutobala.

Chizindikiro china chothandiza chili pa sitetimenti. Dzina lolembedwa pamenepo nthawi zina silikhala la maphunziro kapena filimu, koma la kampani yaikulu imene ili mwini wake, kapena la mkhalapakati wotolera ndalama. Musanafuule kuti mwaberedwa, yang'anani deti ndi mtengo m'miyezi itatu yapitayi. Ndalama zofanana m'madola, zochoka pa deti lomwelo popanda OTP, kawirikawiri ndi pangano limene munaiwala. Ndalama zosiyanasiyana, zochoka motsatizana kwa ogulitsa amene simunalembetseko, ndi umbava, ndipo pamenepo khadi liyenera kutsekedwa tsiku lomwelo.

Dziko limene linakana kusiya chilolezo m'manja mwa wogulitsa ndi India. Mu Ogasiti 2019 banki yaikulu ya dzikolo inalamula kuti chilolezo cha malipiro obwereza chizilembetsedwa ku banki ya mwini khadi, ndi malire a mtengo ndi nthawi. Inalamulanso kuti banki izitumiza uthenga maola osachepera 24 ndalama zisanachoke, wotchula wogulitsa ndi mtengo, ndi mwayi wokana. Malipiro opitirira mlingo woikika azifuna OTP ulendo uliwonse. Mabanki anazengereza, tsiku linasunthidwa, koma pa 1 Okutobala 2021 lamulo linayamba kuluma, mlingo uli pa marupi 5,000. Mwezi umenewo malipiro ochuluka analephera, ngakhale a anthu amene ankafunadi kulipira, chifukwa mabanki ndi makampani akunja anali asanakonze makina awo. Mu 2022 Apple inasiya kulandira makhadi a ku India pa malipiro otere. Mu Juni chaka chomwecho mlingo unakwezedwa kufika pa marupi 15,000. Chisokonezo chinalipo ndithu, ndipo ochita malonda ang'onoang'ono anataya ndalama. Ngakhale zili choncho, ndikuona kuti India inalondola. Mphunzitsi wa ku Zomba uja akanalandira uthenga dzulo lake wonena kuti mawa kuchoka madola 10, akanawerengera yekha n'kusankha.

Ku Amereka, kumene zonsezi zinayambira, nkhondo ikadali pa khomo lotulukira. Lamulo la mu 2010 lotchedwa ROSCA linati wogulitsa pa intaneti afotokoze pangano momveka asanatenge nambala ya khadi, apeze chilolezo chenicheni, ndi kupereka njira yosavuta yosiyira. Mu Juni 2023 FTC inasumira Amazon, ponena kuti inkalowetsa anthu mu umembala wake wolipira wotchedwa Prime mosadziwa, ndi kuti njira yosiyira inali ya masamba ambiri, imene m'kampanimo ankaitcha Iliad, dzina la ndakatulo yaitali ya Agiriki yonena za nkhondo. Mu Seputembala 2025 Amazon inagwirizana zolipira madola 2.5 biliyoni, 1.5 biliyoni mwa izo zobwezera makasitomala, koma sinavomere kuti inalakwa. Lamulo lina la FTC la mu Okutobala 2024, loti kusiya kukhale kophweka ngati kulowa, linathetsedwa ndi khoti mu Julayi 2025 lisanayambe kugwira ntchito mokwanira, pa chifukwa choti bungwelo silinatsate ndondomeko polipanga.

Pamene mukulemba nambala ya khadi lanu pa tsamba la kampani yakunja, ufulu wa masiku 120 uja ndi nambala `R1` mumakhala nazo kudzera m'malamulo a makhadi, koma amene angazigwiritse ntchito m'malo mwanu ndi banki yanu yokha. Choncho musanalembetse, pezani kaye posiyira. Lembani deti limene ndalama zizichoka ndi mtengo wake m'madola, osati m'makwacha. Mukasiya, sungani uthenga wotsimikiza. Ndipo wa ku banki akakuuzani kuti sangaimitse, pemphani kuti dandaulo lanu lilembedwe, akupatseni nambala yake, ndipo lipite ku dipatimenti yoona za makhadi.